Malipiro athu akusiyana pa ntchito imodzi

"Mnzanga amalandira K6,500, ine K5,900, pomwe tonse timagwira ntchito imodzi pakampani ina kuno ku Chipata. Kodi akundibera?"

Achimwene, musayerekeze ndalama zimene zimalowa kubanki, koma muike mapepala anu a malipiro pamodzi ndi kuyang'ana malipiro oyambira, asanaonjezepo ndalama za nyumba, za ulendo ndi za chakudya, komanso asanadule msonkho wa PAYE, za NAPSA ndi za NHIMA. Inenso ndinadandaulapo chonchi, koma titayala mapepala athu patebulo tinapeza kuti malipiro oyambira anali ofanana, kungoti ine amandidula ngongole mwezi uliwonse, pomwe mnzangayo amagwira maola oonjezera Loweruka.

Dziwaninso kuti ngakhale abwana atapachika poyera mndandanda wa magiredi, umangoonetsa malire a pansi ndi a pamwamba a giredi iliyonse. Sufotokoza chifukwa chimene wina anaikidwira pamwamba, kaya ndi zaka zimene wagwira, maphunziro, kapena kukondera kumene.

Mukapeza kuti malipiro oyambira akusiyana pomwe giredi ndi zaka n'zofanana, pemphani kuti akufotokozereni molemba, chifukwa lamulo la ntchito la 2019 limafuna malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Akakana, tengani kontirakiti ndi mapepalawo mukaonane ndi a bungwe la ogwira ntchito kapena ofisala wa zantchito ku Chipata.