Khadi la mwana: yambani ndi malire a pa sabata

"Tili ku Leeds, mnyamata wanga wa zaka 12 wayamba sekondale ndipo ndamutengera khadi la GoHenry. Ndiike malire otani kuti asamalize ndalama tsiku limodzi?"

Achemwali, mu pulogalamu ya kholo ya GoHenry muli malire atatu: ndalama zimene angagwiritse ntchito pa sabata, zimene angalipire pogula kamodzi, ndi zimene angatape pa ATM. Mulinso posankha ngati khadilo lizigwira ntchito m'masitolo, pa intaneti kapena pa ATM. Ine ndikuti yambani ndi malire a pa sabata, ndipo muwawerengere kuchokera pa zimene mwanayo amagula zenizeni.

Tiyerekeze kuti basi imamudyera £2 pa tsiku. Masiku asanu a sukulu ndi £10, kuphatikiza £5 ya zotolatola, zakwana £15. Ikani £18, kuti £3 yotsalayo imupulumutse tsiku limene waphonya basi yake n'kulipiranso ina. Mukathinitsa kwambiri, khadi lidzamukana ali pakhomo la basi kunja kukuzizira, ndipo zimenezo sindingafunire mwana wa aliyense. Agogo ake akamutumizira £50 ya tsiku lobadwa, malire omwewa ndi amene adzaiteteze kuti isathe Loweruka limodzi.

Makolo ambiri amadalira malire a kugula kamodzi, koma pamenepa ndi pamene ndalama zimadonthera. Mukaika £6, mwatseka njira yogulira nsapato za £40, inde. Koma zinthu za m'magemu ngati Roblox amagulitsa motchipa, mwina £4.99, ndipo mtengo umenewo umadutsa pansi pa £6 bwinobwino. Akagula katatu Lolemba usiku, £14.97 yapita, ndiye kuti ya basi yatsala ya tsiku limodzi lokha. Mudzazindikira ndi mauthenga amene amabwera pafoni panu khadi likagwiritsidwa ntchito: mtengo womwewomwewo kubwera motsatizana. Choncho mauthengawo musawazimitse, ngakhale akusokoseni. Kwa mwana wa msinkhu umenewu, kugula pa intaneti kuzikhala kotseka, muzitsegula mukagwirizana chimene akugula, akamaliza n'kutsekanso. Pa ATM mukhoza kutsekeratu, chifukwa ndalama zikangotuluka m'makina simungaonenso kumene zapita.

Onaninso foni yakeyo. Ngati ndi iPhone ndipo mu Family Sharing, njira ya Apple yolumikizira maakaunti a banja, muli khadi lanu la kubanki, zogula za m'magemu zikhoza kumachoka kwa inu osakhudza khadi lake n'komwe, malire onse aja ali chikhalire. Yatsani Ask to Buy kuti chilichonse chizidikira chilolezo chanu.

Mukamaika manambalawa khalani naye pansi awaone ndi maso ake, ndipo pakatha mwezi muyang'ane limodzi mndandanda wa zimene wagula musanakweze kapena kutsitsa malirewo.