Nthano ya nkhandwe ndi ng'ona yogonekera mwana

"Ndimalera mwana wa zaka 4 wa banja lochokera ku Bangladesh, ndipo amayi ake andipempha kuti ndizimufotokozera nthano ya kwawo pogona. Alipo amene akudziwa nthano yaifupi ya Chibengali ya nkhandwe yochenjera, yokhala ndi mawu obwerezabwereza?"

Mayi, nthano imene ndingakusankhireni ndi ya nkhandwe ndi ng'ona zolima munda umodzi. Ndi nthano ya makolo yodziwika ku Bangladesh ndi ku West Bengal m'dziko la India, ndipo Upendrakishore Ray Chowdhury anailemba m'buku lake la ana lotchedwa Tuntunir Boi. Muyambe ndi mawu akuti "Ek je chhilo sheyal", kutanthauza kuti padali nkhandwe, monga ife timayambira ndi "Padangotero".

Nkhandwe ndi ng'ona zinagwirizana zolima limodzi, ndipo chaka choyamba zinadzala mbatatesi. Ng'ona, pofuna kudyera mnzake masuku pamutu, inafulumira kunena kuti zakumwamba zonse ndi zake, zapansi ndi za nkhandwe, chifukwa inkaganiza kuti mbatatesi imabereka ngati zipatso. Nkhandwe inangomwetulira n'kuyankha kuti, "Achha, tai hobe," ndiko kunena kuti chabwino, zikhala choncho. Nthawi yokolola itakwana, ng'ona inatuta masamba okhaokha, nkhandwe n'kukumba mbatatesi yonse. Chaka chachiwiri zinadzala mpunga, ndipo ng'ona, poganiza kuti tsopano yachenjera, inasankha zapansi. Nkhandwe inayankha ndi mawu omwe aja, ndipo inamweta ngala za mpunga, ng'ona n'kutsala ndi ziputu ndi mizu. Chaka chachitatu zinadzala nzimbe, ng'ona inabwerera ku zakumwamba, nkhandwe inavomeranso chimodzimodzi, ndipo ng'ona inapita kwawo ndi nsonga zosatsekemera pamene nkhandwe inkatafuna nzimbe zenizeni. Pamenepo ng'ona inanena kuti sidzalimanso ndi nkhandwe.

Mphamvu ya nthanoyi ili pa mfundo yakuti wosankha nthawi zonse ndi ng'ona, ndipo nkhandwe sinama ngakhale kamodzi, imangodziwa mbewu zake. Choncho musasinthe n'kuchititsa kuti nkhandwe ndiyo izigawa zokolola, chifukwa mukatero imasanduka mbala, ndipo mwana amayamba kumvera chisoni ng'ona m'malo moseka. Mawu a nkhandwe muwanene mofanana ndendende maulendo onse atatu, ndi liwu lomwelo ndi kumwetulira komweko. Ulendo woyamba muwanene nokha, wachiwiri muyambe ndi "Achha" n'kudikira pang'ono kuti mwana amalize, ndipo wachitatu mungomuyang'ana kuti anene yekha. Mukhozanso kupatsa ng'ona mawu ake odandaula pa mapeto a chaka chilichonse, oti yapusitsidwanso, ndi kulola nkhandwe kulira "hukka hua", umene ndi mlilidwe wake m'nthano za Chibengali. Kulira kumeneku ana amakukonda kwambiri, koma popeza cholinga n'choti agone, chaka choyamba mulire momveka, chachiwiri motsitsa, chachitatu monong'ona.

Chimene chimalepheretsa nthanoyi kawirikawiri n'chakuti mwana wokulira m'tauni sadziwa kuti mbatatesi imabereka pansi pa nthaka ndipo mpunga umabereka pamwamba. Mudzazindikira vutoli ngati ng'ona yasankha zakumwamba koma mwanayo wangokhala duu osaseka, kapena akufunsa chifukwa chimene yakwiyira. Zikatero musaime pakati pa nthano kuti muphunzitse za ulimi, chifukwa tulo timabalalika. Ndi bwino kumuonetsa masana mbatatesi yokhala ndi dothi lake, mpunga m'dzanja ndi chidutswa cha nzimbe, n'kumuuza kumene chilichonse chimabereka, kuti usiku iye adziwiretu zimene ng'ona sikudziwa. Chisangalalo cha mwana wa msinkhu umenewu chimachokera pomwepo, pa kuona kuti waiposa nzeru nyama yaikulu.

Ndikuchenjezeni za nthano ina yotchuka ya Sheyal Pandit, nkhandwe imene inatsegula sukulu, ng'ona n'kuipatsa ana ake asanu ndi awiri kuti iwaphunzitse. Nkhandweyo inkadya mwana mmodzi tsiku lililonse, ndipo atatsala mmodzi inamuonetsa kwa kholo lake kasanu ndi kawiri ngati kuti onse alipo. Kubwereza kwake n'kokoma, koma ine sindingaifotokoze kwa mwana wa zaka 4 nyale itazima, makamaka amene amasiyidwa m'manja mwa mlezi kapena wangoyamba kumene sukulu.

Potseka, Abengali amanena kuti "Amar kothati phurolo, note gachhti murolo", kutanthauza kuti nkhani yanga yatha, ndipo kamtengo ka bonongwe kadulidwa. Mupemphe amayi ake akutchulireni mawu onsewa pa foni kuti muzimvetsera, chifukwa katchulidwe kake sikafanana kwenikweni ndi mmene ndawalembera m'zilembo zathu.