Mamita 5 kapena mamita 13?

"Amalume, atipatsa velosite ya chinthu choyenda, v(t) = 6 − 2t, kuyambira t = 0 mpaka t = 5, kuti tipeze mtunda wonse. Ine intigiro yandipatsa mamita 5, koma aphunzitsi akuti 13. Ndalakwitsa pati?"

Mphwanga, masamu ako ndi olondola, kungoti wayankha funso lina. Intigiro ya 6 − 2t ndi 6t − t², ndipo ukaikamo 5 ndi 0 upezadi 30 − 25 = 5. Nambala imeneyi ndi disipulesimenti, kutanthauza kutalika kwa pamene chinthu chathera kuchokera pamene chinayambira, osati mtunda umene chayenda.

Taganizira mpira umene waugubuduza chokweza pa kachitunda kaja ka kuseri kwa nyumba ya agogo ku Mchengautuwa. Ukuchoka m'manja mwako pa liwiro la mamita 6 pa sekondi, ndipo sekondi iliyonse liwirolo likutsika ndi 2, mpaka pamene 6 − 2t = 0, ndiye kuti t = 3, mpira waima. Kuchokera pamenepo velosite ili ndi mayinasi chifukwa mpira wayamba kubwerera kwa iwe, ndipo intigiro, poti imalemekeza chizindikirocho, imachotsa ulendo wobwerera pa ulendo wopita.

Choncho ulendowo uudule pa t = 3. Kuyambira 0 mpaka 3 upeza 18 − 9 = 9, mamita okwera. Kuyambira 3 mpaka 5 upeza 5 − 9 = −4, mamita anayi otsika. Ukaphatikiza zizindikiro zili pomwepo, 9 − 4 ikubwezera 5 wako uja, koma ukachotsa mayinasi pa chigawo chachiwiri usanaphatikize, 9 + 4 ikupatsa 13 wa aphunzitsi. Ndi zimene amatanthauza akalemba ∫|v(t)| dt. Ambiri amagwa poika timizere tiwiriti pa yankho lomaliza, koma |5| ndi 5 basi, chifukwa kuchotserana kwachitika kale mkati.

Ine ndimakonda kutsimikiza ndi galafu, ndipo m'mayeso sizidya nthawi. Jambula mzere wowongoka wochoka pa 6, wodutsa ziro pa t = 3, wofika pa −4 pamene t = 5. Thirayango ya pamwamba ndi ½ × 3 × 6 = 9, ya pansi ndi ½ × 2 × 4 = 4.

Uchenjere ndi chinthu chimodzi: velosite kufika pa ziro sikutanthauza nthawi zonse kuti chinthu chatembenuka. Akakupatsa v(t) = (t − 3)², chinthucho chimaima pa t = 3 kenako n'kupitiriza mbali yomweyo, ndipo mayankho awiri aja amafanana. N'chifukwa chake uziyesa nambala imodzi mbali iliyonse; pa funso lakoli v(2) = 2 pamene v(4) = −2, ndiye chizindikiro chasinthadi. Ndipo ukadzapeza mtunda wochepa kuposa kukula kwa disipulesimenti, bwerera m'zigawo zako, pali mayinasi amene waiwala kuchotsa.