Nandolo kapena khobwe m'munda wa chimanga?

"Udzu wandilemetsa ndipo munda wanga ndi waung'ono. Ndikathira nandolo kapena khobwe m'chimanga, sizilandana chakudya n'kundichepetsera zokolola?"

Achimwene, chimanga chikhoza kutsika pang'ono ndithu, koma muziwerenga zonse zotuluka m'mundamo. Tingoyerekeza: ekala yanu imakupatsani matumba 20 a chimanga mukachidzala pachokha, kapena matumba 6 mukadzala nandolo yekhayekha. Mukasakaniza n'kupeza matumba 18 a chimanga ndi 4 a nandolo, mwataya awiri okha, pomwe mukanadzala padera zokolola zomwezo zikanafuna malo opitirira pang'ono ekala imodzi ndi theka.

Chimene chimachititsa n'chakuti nandolo ndi chimanga sizidyera nthawi imodzi. Miyezi yoyamba nandolo amakula mwaulesi, amakhala akuzamitsa muzu wake pansi kupitirira pamene mizu yambiri ya chimanga imalekezera. Chimanga chikakhwima, iye m'pamene amatambasula nthambi, n'kumamwa chinyezi chakuya chimene chikanangotsala. N'chifukwa chake ine ndimadzala zonse tsiku limodzi: mizere yotalikirana masentimita 75, chimanga mbewu imodzi pa masentimita 25 alionse, nandolo mbewu zitatu paphando pa masentimita 90 alionse.

Koma pa nkhani ya udzu musamudalire kwambiri nandolo. Poti amachedwa kukula, kupalira koyamba mupalira basi. Thandizo lake limabwera mochedwa, pamene mthunzi wake ndi masamba oyoyoka zaphimba nthaka ndipo udzu wakumapeto walephera kubereka njere zambiri.

Ngati chakupwetekani kwenikweni ndi udzu, tengani khobwe. Amayanga msanga n'kutseka mpata wa pakati pa mizere, ndipo udzu ukasowa dzuwa umamera wonyozoloka. Vuto lake ndi changu chomwecho. Mizu yake imadyera pafupi ndi ya chimanga, ndiye mukadzala tsiku limodzi, makamaka mtundu woyanga kwambiri, amakwera chimanga chikadali chanthete. Muyembekeze milungu iwiri kapena itatu chimanga chitamera, mupalire, kenako mudzale. Mukachedwetsanso kwambiri, chimanga chimamutsekera dzuwa, ndipo mudzaona khobwe wotalika mowonda, nyemba zake zowerengeka.

Wina angakuuzeni kuti ndi mbewu za nyembazi feteleza n'ngosafunika. Ayi. Nayitrojeni amene zimatenga mumpweya kudzera m'timaphundu ta kumizu amadyetsa mbewu zomwezo choyamba, ndipo chimanga chimadzapindula chaka chotsatira masamba ndi mizu zikawola. Chaka chino thirani monga mwa nthawi zonse, ndipo mukakolola musatenthe zotsalira.

Ine ndikanasankha nandolo, pokhapokha ngati kwanuko ziweto zimamasulidwa anthu akangokolola chimanga. Nthawi imeneyo nandolo amakhala akadali wobiriwira m'munda, ndipo mbuzi sizimusiya. Zikakhala choncho, khobwe ndiye wanu, chifukwa amapsa nthawi imeneyo isanafike.