Za sikuluwu ya makina ofinyira makala a utuchi

"Akuluakulu, ndili pa Dedza boma, ndikupanga makina ofinyira makala a utuchi. Ndili ndi mota ya giya, pachikwangwani pake palembedwa 10 Nm, 60 rpm. Ndiike bolo sikuluwu kapena chitsulo cha mazinga wamba? Nanga makala amenewa msika wake ulipo?"

Achimwene, ine ndinena za chitsulocho. Bolo sikuluwu ndi chitsulo cha mazinga chomwe nati yake imayenda pa timipira tachitsulo. Amene akufuula kuti "bolo sikuluwu basi" anangoionera pa foni, sanaigwiritsepo ntchito pa fumbi.

Yambani mwayeza kuti nati ikuyenda mamilimita angati chitsulo chikazungulira kamodzi. Imeneyo ndiye lidi, ndipo si nthawi zonse imafanana ndi pichi, womwe ndi mpata wa pakati pa mazinga awiri oyandikana. Tizitsulo tina ta T8 timakhala ndi pichi ya 2 mm koma mazinga oyambira panayi, ndiye kuzungulira kamodzi nati yathawa 8 mm. Ikani chizindikiro ndi choko, zungulitsani kakhumi, yezani, gawani ndi 10. Kenako masamu ake ndi awa:

```
F = 2 × 3.14 × η × T / L
```

F ndi mphamvu yokankha, m'manyutoni. T ndi mphamvu yopotokola ya mota yanu, ija ya 10 Nm. L ndi lidi m'mamita. η ndi gawo la mphamvu lomwe lapulumuka, chifukwa ina imathera m'kukhulana kwa nati ndi mazinga n'kusanduka kutentha.

Titenge Tr20x4, cha mazinga aphwatalala ngati a vaisi kapena jeke wa galimoto. Lidi yake ndi 4 mm, ndipo chikakhala ndi girizi chimapulumutsa pafupifupi 0.35. Mukawerengera mupeza manyutoni 5,500, kunena kwake kukankha ngati makilogalamu 560, matumba 11 a chimanga. Liwiro ndi 60 kuchulukitsa ndi 4, mamilimita 240, kunena kwake masentimita 24 pa mphindi. Bolo sikuluwu ya SFU2005 ili ndi lidi ya 5 mm, koma m'nati mwake mumagudubuzika timipira tachitsulo ngati ta m'habu ya njinga, ndiye imapulumutsa 0.9. Mota yomweyo ikankha kupitirira tani imodzi. Papepala yapambana, sindikana.

Koma imvani zomwe zinandichitikira ku Lizulu. Ndinaitanitsa bolo sikuluwu kudzera kwa mnyamata wina ku Lilongwe, ndalama yake yogulira mbuzi, ndinaiika pa makina ngati anuwa, koma oyendera lamba. Tsiku loyamba ndinazimitsa mota utuchi uli wofinyika, ndikuti ukhazikike kaye. Ndikuona pule ikubwerera yokha pang'onopang'ono, utuchi ukukankha mbale m'mwamba. Kupepuka komwe kumaipatsa mphamvu ndi komwenso kumailepheretsa kugwira katundu, imafuna buleki. Ya mazinga aphwatalala a lidi yaing'ono mukaisiya imaima pomwepo, n'chifukwa chake jeke satsika yekha galimoto ili pamwamba. Patangotha milungu ingapo fumbi linalowa m'nati, n'kusakanikirana ndi girizi ngati phala. Inayamba kulira kuti kwerekwete, ukaizungulitsa ndi dzanja ikumagwiragwira. Ndinati nditsuke, ndinasolola nati mpaka kumapeto, timipira tonse mbwee pansi, mu utuchi. Ana anatola mpaka dzuwa kulowa koma sitinakwane. Musadzachotse nati imeneyo popanda kapaipi kogwira timipira mkati.

Chitsulo cha M20 cha m'mahadiweya nachonso musachikhulupirire. Pichi yake ndi 2.5 mm, ndiye ngakhale chimapulumutsa 0.2 yokha chikankhabe pafupifupi theka la tani, koma mazinga ake osongoka anawapangira kumanga, osati kuyenda tsiku lonse. Nati ikamatentha osagwirika, girizi akuda ndi tizitsulo tonyezimira, dziwani kuti mazinga akudyeka, ndipo tsiku lina adzapululuka mukufinya.

Ine ndikanakhala inu ndikanasaka vaisi yakufa kapena jeke wamkulu kwa ogulitsa zitsulo zakale. Wanga ndinagula cha m'ma K15,000, koma ndi kale, panopa onjezerani. Nati ikakhala ya bulonzi ndi bwino, imadyeka yokha n'kusiya chitsulo chili bwino. Kumapeto kwa chitsulo ikani bering'i yolandira kukankha, monga 51104, apo ayi makilogalamu 560 onsewo akathera m'giya ya mota. Chitsulocho chisatalike kuposa momwe mukufunira, chachitali chimapindika ngati uta mukachipanikiza. Chivekeni chubu chakale cha njinga yamoto kuti fumbi lisafike pa mazinga.

Chikombole chisakule, mamilimita 50 m'mimba mwake akwana. Mukachikulitsa kawiri, mphamvu pa utuchi imatsika kanayi, makala azituluka ofumbutuka. Muthiremonso kaphala ka chinangwa, chifukwa utuchi wa paini wouma pa mphamvu imeneyi sugwirana wokha.