Chithunzi cha uchi pa positala ya A3

"Abale, ndimagulitsa uchi pa Lizulu. Chithunzi cha botolo langa ndinachipanga ndi AI, ndipo pafoni chimaoneka bwino zedi. Koma pa positala ya A3 chatuluka mbuu, uchi wake wozilala. Nditani?"

Mayi, musanaperekenso ndalama kwa osindikiza, yambani mwaona kuchuluka kwa mapikiselo, timadontho ting'onoting'ono tomwe timapanga chithunzicho. Mapulogalamu ambiri a AI amatulutsa cha mapikiselo 1024 x 1024. Posindikiza chinthu chomwe munthu amachionera pafupi pamafunika 300 dpi, kutanthauza mapikiselo 300 pa inchi iliyonse. Ndiye chithunzi chotere chimangokwana masentimita 8.7, malo a lebulo ya pabotolo basi. Pepala la A3 ndi lotalika masentimita 42, choncho mukachikokera pamenepo patsala 62 dpi zokha. Mbuu uja wachokera apa. Ndipo wina asakunamizeni kuti angolemba 300 m'kabokosi ka dpi. Nambalayo payokha siwonjezera pikiselo ngakhale imodzi.

Chikulitseni kanayi ndi pulogalamu ngati Upscayl, ya pakompyuta, yaulere. Chifika 4096 x 4096, ndipo mukadula m'mbali kuti chikwane A3 mupeza pafupifupi 248 dpi. Positala anthu amaionera chapatali, ndiye zakwana. Koma pulogalamuyi sivumbula zomwe zinabisika ayi, imachita kupeka. Mukamaliza, yandikitsani chithunzicho pa 100% muone chivindikiro, m'mphepete mwa botolo ndi zilembo. Zilembo ndiye zimapindika kwambiri. Ine ndikanakonda muzifufute zonse, dzina la uchi wanu ndi nambala ya foni mulembe mwatsopano pamwamba, chithunzi chitakula kale. Onaninso kuti botolo la pachithunzi lifanane ndi lomwe lili pabenchi panu, chifukwa wogula amayang'ana zimenezo.

Kuzilala kwa uchi ndi nkhani ina. Foni imaonetsa mitundu pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo chithunzi chanu chili mu sRGB, dongosolo la mitundu la pafoni ndi pakompyuta. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki za mitundu inayi zotchedwa CMYK, zomwe sizifika pa chikasu chowala cha pafoni, makamaka chopendekera ku lalanje. Musathamangire kusintha nokha. Funsani osindikizawo ngati akufuna sRGB kapena CMYK. Ambiri a makina a dijito amalandira sRGB n'kusintha okha. Akati CMYK, akuuzeni dzina la pulofailo yake, yomwe ndi ndondomeko ya momwe mitundu imatulukira papepala, mwachitsanzo FOGRA39 ya pepala lonyezimira. Kenako apempheni asindikize kachidutswa ka botolo pa pepala lomwelo, mukaonere panja masana, botolo lenileni la uchi lili m'manja. Kakada, walitsani chithunzicho pang'ono muyesenso.

Potumiza, musatumize pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, imachifinya ntchito yonse ija n'kuwonongeka. Sankhani Document, kapena mupite nacho pa fulashi, chili PNG kapena PDF. Chithunzi chipitirire mamilimita 3 kunja kwa malire mbali zonse, kuti podula pasatsale kamzere koyera.