Wophunzitsidwa ntchito akachoka ndi makasitomala a saluni

"Ndili ndi saluni ku Rosettenville. Mtsikana amene ndinamuphunzitsa kuluka ndi kusoka mawigi wandiuza kuti akusiya kumapeto kwa mwezi, ndipo ndamva kuti akutumizira makasitomala anga mauthenga kuti amutsatire. Sitinasainirane kalikonse. Ndimugwire malipiro?"

Achemwali, malipirowo musawagwire. Lamulo la ntchito kuno ku South Africa sililola kudula ndalama pa malipiro a munthu chifukwa cha ngongole imene sanavomere molemba, ndipo masiku a tchuthi amene sanapume muyenera kumulipira pochoka. Mukagwira, nkhani imatembenuka: iye akakadandaula ku Dipatimenti ya Zantchito kapena ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, woyankha mlandu mukhala inu, za makasitomala zija osamvekanso.

Popeza palibe chimene munasainirana, akachoka ali ndi ufulu wotsegula pake, ngakhale mumsewu womwewo, ndipo luso la m'manja mwake ndi lake. Kasitomala nayenso amapita kumene wafuna. Koma pali ziwiri zimene saloledwa: kukopa makasitomala anu pamene akadali pa ntchito yanu, ndi kukopera mndandanda wa manambala m'buku kapena m'foni ya saluni. Choncho pemphani kasitomala mmodzi kapena awiri amene mumamvana nawo akujambulireni uthengawo, tsiku lake likuoneka. Kenako mulembereni mtsikanayo kalata yaifupi yomuuza kuti asiye kutumiza mauthengawo, abweze makiyi, buku la mabukingi ndi manambala onse a saluni. Tchulanimonso kuti pansi pa lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, manambalawo anaperekedwa ku saluni, osati kwa aliyense wofuna kutsatsa malonda ake. Asaine kuti walandira, inu musunge kope.

Koma ntchito yaikulu ili m'masabata anayi kapena asanu ndi limodzi akubwerawa, chifukwa ndi nthawi imene kasitomala amamasula n'kufuna kulukanso. Amene ayambe kumupatsa tsiku ndiye amutenga. Tsegulani bukulo, lembani onse amene ankakhala pampando wa mtsikanayo m'miyezi itatu yapitayi, muyambe ndi amene nthawi yawo yayandikira. Aimbireni nokha, osati uthenga umodzi woponyera gulu. Auzeni kuti uje akuchoka, amene aziwaluka ndi wakuti, ndipo mwawasungira malo Loweruka lakuti. Musamunyoze ngakhale pang'ono. Kuno ku Joni timakumana kutchalitchi, kuchipereganyu ndi pamaliro, mawu amafika msanga, ndipo makasitomala amamvera chisoni wonyozedwayo. Musathamangirenso kutsitsa mitengo yonse. Kutsuka tsitsi kwaulere pa ulendo woyamba ndi kokwanira.

Chimene chimasunga kasitomala kwenikweni ndi kudziwa mutu wake. Mtsikanayo asanachoke, lembani khadi la aliyense: mtundu ndi nambala ya meshi imene amakonda, mapaketi angati, kutalika kwake, mankhwala owongolera tsitsi amene amamuwotcha, ngati tsitsi lam'mbali ndi losalimba moti silifuna kukoka. Kasitomala akabwera n'kupeza kuti woluka watsopano akumufunsa zonse ngati mlendo, kapena wamukoka mpaka timatuza pachipumi, sabweranso, ndipo sakuuzani chifukwa. Mudzangoona kuti wadumpha nthawi yake ndi masabata awiri. Ameneyo muimbireni tsiku lomwelo.

Kwa amene atsala ndi amene mudzawalembe, konzani zinthu tsopano. Mabukingi onse azidzera pa nambala imodzi ya WhatsApp Business, simu khadi yake yolembetsedwa m'dzina lanu, foniyo izigona ku saluni. Ndalama zizilowa mu akaunti ya saluni, ndipo kasitomala aliyense azolowere manja a anthu awiri.

Kontrakiti ikhale ndi ndime yoletsa kupikisana nanu. Makhoti a kuno amailemekeza ngati si yopitirira muyeso komanso ngati ikuteteza chinthu chenicheni, monga ubale wanu ndi makasitomala. Kuletsa munthu kuluka mu Gauteng monse kwa zaka zitatu sikungaime. Ine ndingalangize miyezi isanu ndi umodzi, makilomita atatu kuchokera pakhomo la saluni, komanso kuti asaitane amene anawatumikira chaka chathachi. Dziwani kuti kukaimitsa munthu kukhoti kumafuna loya ndi changu, ndipo mtengo wake ukhoza kuposa phindu la makasitomalawo, ndiye muziwerengera kaye.

Za maphunziro muzilemba padera, maphunziro asanayambe. Tinene kuti mwamulipirira kosi ya R6 000 ndipo mwagwirizana kuti agwira miyezi 12 akamaliza. Mwezi uliwonse umene wagwira umachotsa R500 pa ngongoleyo. Akachoka atagwira miyezi 8, abweza R2 000 yokha, ndipo pepalalo linene poyera kuti akuvomera kuti idulidwe pa malipiro omaliza. Sungani lisiti ya kosiyo. Ngati ena mwa oluka anu amangochita lendi mpando, lembaninso kuti makasitomala obwera nawo ndi awo, olowa okha pakhomo ndi a saluni, chifukwa mkangano wambiri umayambira pomwepo.